Mamolu 30 sangakwane m'masupuni anayi

Mwana wanga,

Chithunzi chako chinafika usiku cha m'ma 10 koloko, koma kuno ku Chilenje malaiti anali atapita ndipo foni inali pafupi kuzima, ndiye ndachiona bwino m'mawa uno. Ndawerenganso mawu amene unalemba pansi pake aja, akuti "Aticha, mwina kemisitiri si yanga." Amenewo tiwaike pambali kaye. Ndayang'ana ntchito yako mzere ndi mzere, ndipo mizere itatu yoyambirira ndi yokhoza bwinobwino. Unaphonya pa mzere wachinayi, ndipo zonse zapansi pake zinangotsatira m'mbuyo ngati nkhosa. Chimene chandichititsa kukulembera motalika n'chakuti aka n'kachitatu kuphonya pamalo omwewa. Unatero pa funso la taituresheni lija, unateronso pa mayeso a mwezi watha. Likanakhala dzanja chabe loterereka ndikanangokutumizira yankho basi. Koma chinthu chobwera katatu chili ndi muzu wake, ndipo ndikufuna tiukumbe mayeso a ECZ asanafike.

Poyamba za chithunzicho. Unajambula utatsamira, chithunzithunzi cha foni chinagwera pa funso, ndipo mbali yakumanja inadukira pa mawu omaliza. Ndinakulitsa mpaka ndinaona kuti nambala ya asidi ndi 60, osati 80. Uona kutsogoloku kuti kusiyana kwa 60 ndi 80 pa funso ili n'kwakukulu ndithu. Ulendo wina uike buku pansi, pafupi ndi windo, ujambule uli pamwamba pake, ndipo funso lonse lilowe pamodzi ndi timanambala tating'ono tam'mwamba ndi tam'munsi tija. Ka 3 ka pa cm³ ndi ka 3 ka pa CaCO₃ ndi komwe kamasowa msanga pa chithunzi chosaoneka bwino, chonsecho funso lonse lagona pa timeneto.

Funsolo, monga ndaliwerengera ine, likuti: magalamu 2.0 a kashiamu kaboneti, CaCO₃, aikidwa mu 60 cm³ ya asidi wa HCl wa mphamvu ya 0.50 mol/dm³. Akufunsa zitatu: ndi chiti chimene chithe pa ziwirizi, mpweya wa CO₂ utuluke wochuluka bwanji pa r.t.p., ndiko kuti pa kutentha ndi kupanikiza kwa mpweya kwa m'chipinda wamba, ndiponso chotsalacho chilemere magalamu angati. Ngati ndawerenga molakwa undiuze, chifukwa zonse zili m'munsizi ndamangira pamenepo.

Iwe unalemba chonchi:

```
CaCO₃ + 2HCl → CaCl₂ + H₂O + CO₂
Mr = 40 + 12 + 48 = 100
2.0 ÷ 100 = 0.02
60 × 0.50 = 30
0.02 × 24 = 0.48 dm³ = 480 cm³
```

Pakati pa mzere wa 30 ndi womalizawo unalemba kuti CaCO₃ ndiye atha, popeza 0.02 ndi wochepa kuyerekeza ndi 30. Pa gawo lachitatu unayamba kulemba 30 − 0.02, ukupeza 29.98, kenako unafufuta mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Kufufutako kunandisangalatsa, chifukwa kukusonyeza kuti mtima wako unakana nambalayo. Unangosowa chifukwa chake.

Pamene panayambira vuto

Tayang'ana mzere wa 60 × 0.50 = 30. Funso langa ndi limodzi: 30 chiyani? Sunalembe. Ukanalemba kuti 30 mol, mwina ukanaima kaye.

Nambala ya 0.50 mol/dm³ ikunena kuti mu lita imodzi yathunthu ya asidiyu muli theka la molu. Paja dm³ ndi lita imene ija, ndipo lita imodzi ndi 1000 cm³. Tsono 60 cm³ ndi kangati? Lowa kukhitchini, utenge supuni yaikulu yodyera, utunge madzi kanayi n'kuthira m'kapu. Supuni yaikulu imanyamula pafupifupi 15 cm³, ndiye timadzi tili pansi pa kaputo ndi 60 cm³ yako. Sitifika ndi theka lomwe la kapu ya tiyi. Ngati lita yonse ili ndi theka la molu basi, masupuni anayi angakhale bwanji ndi mamolu 30?

Tiyeze ndi sikelo kuti uone kukula kwa nkhaniyi. Molu imodzi ya HCl imalemera magalamu 36.5, ndiko kuti 1 wa haidirojeni ndi 35.5 wa kulorini. Mamolu 30 ndi magalamu 1,095, kuposa paketi ya shuga ya kilo imodzi. Madzi a masupuni anayi amalemera magalamu 60 okha. Zimene mzere wako ukunena ndi zakuti kilo yathunthu ya asidi yalowa m'timadzi ta magalamu 60. Ngakhale asidi wa HCl waukali kwambiri, uja amatulutsa utsi mukatsegula botolo mu labu, amakhala ndi mamolu pafupifupi 12 pa lita, ndipo masupuni anayi a ameneyo sangakwane ngakhale molu imodzi.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chimakuchitikira. Unaloweza fomula yakuti n = c × V, ndiko kuti mamolu ndi mphamvu ya asidi kuchulukitsa ndi kuchuluka kwake, ndipo pamayeso umangotola manambala awiri amene ali pa pepala n'kuwachulukitsa. Fomulayo ndi yoona, koma V wake amafuna malita, pamene mafunso pafupifupi onse amakupatsa cm³, chifukwa mu labu timayeza ndi pipeti ndi byureti zimene zinalembedwa ma cm³. Palibe amene amathira lita yathunthu m'kabotolo koyesera. Choncho kusintha cm³ kupita ku dm³ si chinthu cha apo ndi apo ayi, chidzakupeza pafupifupi pa funso lililonse lokhala ndi asidi kapena alikali wosungunuka m'madzi.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Usanakhudze kakyuleta, kusinthako kukhale ndi mzere wakewake, ndipo nambala iliyonse uilembe ndi muyezo wake:

```
V = 60 ÷ 1000 = 0.060 dm³
n(HCl) = 0.50 × 0.060 = 0.030 mol
```

Ndikudziwa kuti ena amaphunzitsa kulemba zonse pamodzi, c × V ÷ 1000. Si zolakwika, koma kwa iwe ndikukana. Ka 1000 kokhala kumchira kwa fomula ndi komwe kamagwa munthu akamathamangira nthawi. Kakakhala ndi mzere wakewake, diso limaona kuti pali mzere umene ukusowa.

Ndikupatsenso chizolowezi china. Pa mafunso a giredi 11 ndi 12 okhudza madzi oyezedwa mu cm³, mamolu amatuluka aang'ono, monga 0.03, 0.0025 kapena 0.1. Ukapeza mamolu opitirira 1 kuchokera m'timadzi ta ma cm³ makumi angapo, uime pomwepo, ubwerere kukayang'ana 1000.

Vuto lachiwiri, limene linabisala kumbuyo kwa loyamba

Apa ndipo ndikufuna utchere khutu, chifukwa ukangokonza 30 uja kukhala 0.030 n'kusiya zina zonse momwe zilili, upezanso 480 cm³ yomweyo, ndipo ukhala walakwabe. Uona 0.020 wa CaCO₃ ndi 0.030 wa HCl, unene kuti 0.020 ndi wochepa, ndiye CaCO₃ atha. Msampha weniweni wa funsoli ndi umenewu, ndipo amene analikonza anasankha manambalawa dala.

Ukamadutsa ku Kalingalinga mu msewu wa Alick Nkhata umaona akalipentala ndi owotcherera atandandalika zitseko ndi mafelemu m'mphepete mwa msewu. Tiyerekeze mmisiri wina ali ndi zitseko 20 ndi mahinjesi 30, ndipo chitseko chilichonse chimafuna mahinjesi awiri. Kodi apachika zitseko zingati? Munthu wongoyang'ana manambala anganene kuti mahinjesi ndiwo ambiri, ndiye zitseko ziyamba kutha. Koma mmisiri akudziwa kuti mahinjesi 30 akwanira zitseko 15 basi. Mahinjesi atha ngakhale anali ambiri, ndipo zitseko 5 zitsala zitatsamira kukhoma.

Ka 2 ka patsogolo pa HCl mu ikwezhoni yako n'chimodzimodzi ndi mahinjesi awiri aja. Unakalemba bwino pa mzere woyamba, kenako sunakagwiritsenso ntchito paliponse. Zili ngati unagula loko n'kumuika m'thumba, chitseko n'kugona chosakhoma. Kubalansa ikwezhoni sitichita kuti pepala lioneke bwino. Manambala apatsogolo aja ndiwo amatiuza kuti molu imodzi ya CaCO₃ imadya mamolu awiri a HCl n'kutulutsa molu imodzi ya CO₂.

Ndiye funso loyenera kudzifunsa si lakuti chochepa n'chiti. Funso n'lakuti: kuti ichi chithe chonse, chinzake chikufunika chochuluka bwanji, nanga ndili nacho?

```
n(CaCO₃) = 2.0 ÷ 100 = 0.020 mol
HCl wofunika = 2 × 0.020 = 0.040 mol
HCl amene alipo = 0.030 mol
```

Asidi wofunika ndi 0.040, amene alipo ndi 0.030. Waperewera. Choncho HCl ndiye atha, ndipo CaCO₃ atsala. Limenelo ndilo yankho la gawo loyamba, ndipo pa pepala ulembe chifukwa chake m'mawu, osangotchula dzina lokha, popeza pa mafunso otere malikisi ena amakhala pa njira imene wadutsa.

Pali njira ina yachidule imene ena amaikonda: gawa mamolu a chilichonse ndi nambala yake yapatsogolo, ndipo chimene chatuluka chochepa ndicho chitha. Apa 0.020 ÷ 1 ndi 0.020, pamene 0.030 ÷ 2 ndi 0.015, ndiye HCl ndi wochepa. Njirayi imagwira ntchito ndipo ndi yachangu. Koma ndaona ana ambiri akutenga 0.015 ameneyu n'kumutcha mamolu a HCl, kenako n'kumugawanso ndi 2 pofuna CO₂, n'kupeza theka la yankho. Pakadali pano gwiritsa ntchito njira ya "wofunika" ndi "amene alipo". Ndi yotalikirapo ndi mzere umodzi, koma sinamiza.

Yankho lonse

Ukadziwa chimene chitha, zonse zotsatira uziwerengere kuchokera pa icho chokha. Chotsalacho uchiiwale kaye. Mmisiri uja akafunsidwa kuti wapachika zitseko zingati amawerenga kuchokera pa mahinjesi, osati pa mulu wa zitseko.

Mamolu awiri a HCl amatulutsa molu imodzi ya CO₂, ndiye tigawa ndi 2. Kenako tichulukitsa ndi 24, chifukwa pa r.t.p. molu imodzi ya mpweya uliwonse imadzaza 24 dm³.

```
n(CO₂) = 0.030 ÷ 2 = 0.015 mol
V(CO₂) = 0.015 × 24 = 0.36 dm³ = 360 cm³
```

Mpweya wa 360 cm³ ndi wongoposa pang'ono kabotolo kakang'ono ka chakumwa chozizira. Ndi nambala imene munthu angaikhulupirire pa magalamu awiri a ufa woyera.

Ona kuti pano tachulukitsa ndi 1000, pamene poyamba paja tinagawa. Ukasokonezeka kuti apa ndigawe kapena ndichulukitse, kumbukira kuti cm³ ndi kamuyezo kakang'ono, ndiye timakhala tambiri. Chinthu chomwecho ukachiyeza ndi supuni nambala imakula, ukachiyeza ndi ndowa imachepa. Kuchoka ku dm³ kupita ku cm³ nambala iyenera kukula, ndipo kuchoka ku cm³ kupita ku dm³ iyenera kuchepa. Ukaona yapita kwina, wakanikiza batani lolakwika.

Gawo lachitatu ndi limene unafufuta. CaCO₃ amene wadyedwa ndi theka la mamolu a asidi, ndiko kuti 0.015. Timuchotse pa amene tinali naye poyamba, ndipo chotsalacho tichibweze ku magalamu.

```
CaCO₃ wodyedwa = 0.030 ÷ 2 = 0.015 mol
CaCO₃ wotsala = 0.020 − 0.015 = 0.005 mol
m = 0.005 × 100 = 0.50 g
```

Pa 30 − 0.02 paja unalakwa pawiri. Kuwonjezera pa 30 wolakwikayo, unkachotsa mamolu a chinthu china pa mamolu a chinthu chinanso, ngati kuchotsa zitseko pa mahinjesi. Kuchotsa kumachitika pa chinthu chimodzi: CaCO₃ amene analipo, kuchotsapo CaCO₃ amene wadyedwa. N'chifukwa chake ndimakakamira kuti pa n aliyense uzilemba dzina la chinthucho. Nambala yongoti 0.02 ilibe mwini, ndipo nambala yopanda mwini imalowa paliponse.

Ukanakhala mu labu ukanaziona ndi maso. Ufa ukangogwera mu asidi, thovu limabwata mwamphamvu, kenako limayamba kufooka mpaka kuti zii. Ukayang'ana pansi pa botolo upeza kaufa koyera kakadalipo, ndipo ngakhale ukhutchumule bwanji sikasungunuka. Kameneko ndi theka la galamu lija. Yankho lako likanakhala loona, ufa wonse ukanasowa n'kutsala madzi oyera mbee. Ndipo ukathira asidi wina pang'ono pa kotsalako thovu liyambanso, umene ndi umboni wakuti chinatha ndi asidi.

Ngati nthawi ilipo, pali njira yodziyesera wekha popanda kufunsa munthu. Zimene zalowa ziyenera kulemera chimodzimodzi ndi zimene zatuluka. Kwalowa magalamu 1.5 a CaCO₃ ndi 0.030 × 36.5, amene ndi magalamu 1.095 a HCl, pamodzi 2.595. Kwatuluka mamolu 0.015 a chilichonse mwa zitatu zija: CaCl₂ wa Mr 111 apereka 1.665, madzi a Mr 18 apereka 0.27, CO₂ wa Mr 44 apereka 0.66. Ukaphatikiza upeza 2.595 yomweyo. M'chipinda cha mayeso sungachite zimenezi pa funso lililonse, koma kunyumba uyesere kawiri kapena katatu, kuti uone wekha kuti manambalawa amalumana.

Yankho lolakwika limaulula pamene walakwira

Pa zaka zimene ndakhala ndikuchonga mafunso a mtundu uwu, ndinazindikira kuti mayankho olakwika sabwera chisawawa. Amakhala omweomwewo, ndipo lililonse lili ndi chala chake cholozera. Ndikuuze a funso lino, kuti ukamagwira ntchito wekha n'kupeza kuti yankho lako lasiyana ndi la kumapeto kwa buku, usamayambirenso pamwamba mwakhungu.

Ukapeza 480 cm³, wawerengera kuchokera pa chinthu chotsala m'malo mwa chimene chatha. Kaya unafika pamenepo chifukwa cha 1000 kaya chifukwa choiwala ka 2, chizindikiro chake n'chakuti yankho lako ndi lalikulu kuposa loona, koma osati kawiri kapena ka 1000 ndendende. Kusiyana kosamveka bwino chonchi nthawi zambiri kumaloza kuti wasankha chinthu cholakwika.

Ukapeza 720 cm³, wasankha bwino HCl koma watenga 0.030 n'kuchulukitsa ndi 24 osagawa ndi 2. Yankho likakhala kawiri ndendende kapena theka ndendende la loona, thamangira ku ikwezhoni. Mwina sunaibalanse, mwina unaibalansa n'kuiiwala, mwina unagawa kawiri monga ndanenera muja n'kupeza 180.

Ukapeza manambala olondola, 36, koma kadontho kali polakwika, monga 0.36 cm³ kapena 360 dm³, vuto ndi la muyezo basi. Kemisitiri yonse wakhoza. Zimenezi zimandipweteka kwambiri pochonga.

Ukapeza 336 cm³, wagwiritsa ntchito 22.4 m'malo mwa 24. Nambala ya 22.4 dm³ ndi ya s.t.p., pamene mpweya uli pa 0 °C. Mpweya ukazizira umafinyika, n'chifukwa chake nambalayo ndi yocheperapo. Mabuku ena akale ndi mavidiyo ambiri a pa foni amagwiritsa ntchito 22.4, ndiye imakakamira m'mutu. Werenga zilembo zitatu zili m'funsozo, ndipo uyang'anenso pansi pa tebulo la maelementi limene amakupatsa pamayeso, pomwe nthawi zambiri amalembapo nambala yoti ugwiritse ntchito.

Pali lina limene iwe sunalakwe koma mnzako wa m'gulu la Loweruka analakwa sabata yatha: Mr wa CaCO₃ kumupeza 68, chifukwa chowerenga okosijeni mmodzi m'malo mwa atatu. Chodabwitsa n'chakuti pa funso lino munthu wotere apezabe 360 cm³, chifukwa mpweya tawerengera kuchokera pa asidi. Kulakwako kudzaonekera pa gawo lachitatu, pamene adzapeze pafupifupi galamu imodzi m'malo mwa theka. Choncho gawo lachiwiri likakhoza koma lachitatu n'kulakwa, kayang'ane Mr.

Tsono ndibwerere ku 60 ndi 80 ndinanena poyamba paja. Asidi akanakhala 80 cm³, mamolu ake akanakhala 0.040, ndendende amene akufunika, ndipo zonse ziwiri zikanathera limodzi. Akanakhala 100 cm³, mamolu akanakhala 0.050, asidi akanatsala, CaCO₃ akanatha, ndipo yankho loona likanakhala 480 cm³, lako lomwe lija. Ukuona kuopsa kwake? Ndi njira yako yolakwikayo ukanakhoza, ine n'kuchonga, iwe n'kumapita ukuganiza kuti zonse zili bwino. Ndikukayikira kuti zakhala zikuchitika chonchi kwa nthawi ndithu. Mafunso ambiri a m'buku amanena okha kuti asidi ndi wochuluka kuposa wofunika, ndipo pamenepo 30 wako sapweteka kanthu, chifukwa sagwiritsidwa ntchito. Vutoli limatulukira pokhapokha funso likakusiyira iwe kuti ugamule. Mbali ina ndi mlandu wanganso, chifukwa pa mafunso oyambirira aja ndinkayang'ana yankho lomaliza, osatsika m'mizere yapakati.

Unafunsanso m'mbali mwa pepala kuti, "Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito magalamu? Mamolu ndi a chiyani?" Funso labwino. Tizidutswa ta zinthu timagwirana mowerengana, kamodzi ka ichi ndi tiwiri ta icho, osati molemerana. Koma sitingatiwerenge ndi chala, ndiye timatiwerenga m'magulu, monga momwe ku Soweto amawerengera mazira pa thireyi. Thireyi ndi mazira 30, kaya ndi a nkhuku kaya ndi a zinziri, ngakhale kulemera kwake kumasiyana kutalitali. Molu ndi thireyi ya tizidutswa 6.02 × 10²³. Molu ya CaCO₃ imalemera magalamu 100, ya HCl 36.5, koma chiwerengero cha m'kati n'chimodzi. Ikwezhoni imalankhula chinenero cha mamolu chokha. Magalamu, ma cm³ a asidi ndi ma dm³ a mpweya, zonse ziyenera kusanduka mamolu zisanalowe mu ikwezhoni, ndipo potuluka m'pamene umazibweza ku muyezo umene funso lafuna. Ukayang'ananso yankho lili pamwambali uona kuti ndi zomwezo basi: tasintha ziwiri kukhala mamolu, tadutsa pa 1 ndi 2 ndi 1, tabweza.

Ndikuchenjeze chinthu chimodzi cha mu labu, kuti usadzaganize kuti masamu ananama. Ukachitadi zimenezi kusukulu, kawirikawiri sudzapeza 360 cm³ ndendende. Mpweya wina umathawa usanatseke botolo, ndipo ukausonkhanitsa pamwamba pa madzi, CO₂ wina amasungunukira m'madzimo. Palinso nkhani ya kuno kwathu imene mabuku satchula. Nambala ya 24 dm³ ndi ya malo otsika ngati kunyanja yaikulu. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, mpweya wa kuno supanikiza kwambiri, ndiye molu imodzi imatambasuka kufika pafupifupi 28 dm³. Ukatenganso mwala wa laimu wa kuno, ngati uja amaphwanya azimayi m'mbali mwa misewu kapena uja amakumba ku Chilanga popangira simenti, sukhala CaCO₃ yekhayekha, umakhala ndi zina zosakanikira. Koma izi ndakuuza kuti uzidziwe chabe. Pa pepala la mayeso, akati r.t.p. ndi 24, osawonjezera nzeru zina.

Pa kakyuleta, samala ndi chinthu ichi. Ukalemba `0.03 ÷ 2 × 24` ikupatsa 0.36, bwinobwino. Koma ndinakuona tsiku lina ukulemba zonse m'kamzere kamodzi n'kuika mabulaketi polakwika, monga `0.03 ÷ (2 × 24)`, ndipo kameneko kamapereka 0.000625. Gwira sitepe imodzi, lemba pa pepala ndi muyezo wake, kenako pita ku ina. Usafupikitsenso manambala pakati panjira. Munthu akasandutsa 0.015 kukhala 0.02 chifukwa chofuna nambala yooneka bwino, amabwerera pa 480 yemwe uja kudzera khomo lakuseri.

Nali funso lako la usiku uno. Usayang'ane yankho lili pamwambali pochita, utseke foni kaye.

```
Mg + 2HCl → MgCl₂ + H₂
Mg: 1.2 g (Ar = 24)
HCl: 40 cm³, 2.0 mol/dm³
```

Upeze chimene chitha, mpweya wa H₂ pa r.t.p. mu cm³, ndi magalamu a chotsala. Chenjera kuti 24 akupezeka kawiri pa funso limeneli, wina ndi Ar wa maginiziyamu, wina ndi wa mpweya, ndipo sali pachibale. Ndikufuna ndione mzere wa 40 ÷ 1000 uli pawokha, ndione mizere iwiri ya "wofunika" ndi "amene alipo", ndiponso nambala iliyonse ili ndi muyezo ndi dzina la mwini wake. Ukamaliza usinthe 40 cm³ akhale 60 cm³, uchitenso, undiuze chimene chasintha ndi chifukwa chake. Ukalakwitsa mzere usafufute mpaka kuda bii, ungodula kamzere kamodzi pamwamba kuti ndithe kuwerenga zimene unkaganiza.

Loweruka tikumana 9 koloko monga mwa masiku onse. Ubwere ndi mapepala onse atatu, la taituresheni lija, la mwezi watha ndi ili, tikawaike pamodzi patebulo. Ubweretsenso supuni yaikulu ndi botolo la lita imodzi lopanda kanthu. Upereke moni kwa amayi.

Ndine mphunzitsi wako.